Avereji, midiyani kapena modi: nambala yoyenera kutchula pa ndalama zolowa m'makomo athu ku Joni

M'magulu a Amalawi kuno ku Joni, kaya ndi bungwe la maliro, mpingo kapena chipereganyu, imafika nthawi yoti komiti ikhazikitse chopereka cha pamwezi. Funso loyamba limakhala lakuti: kodi khomo la membala wathu limapeza ndalama zingati? Mlembi amasonkhanitsa mayankho, n'kuwaphatikiza, n'kugawa ndi chiwerengero cha makomo. Nambala yomwe yatulukayo, imene imatchedwa avereji, ikawerengedwa pamsonkhano, anthu amayang'anana, chifukwa ambiri mwa iwo ndalama yoteroyo sanaigwirepo pakutha pa mwezi. Mlembi sanalakwitse samu. Wangosankha nambala yoyankha funso lina, losiyana ndi limene komiti inafunsa.

Ndalama zolowa m'makomo zimakhala zopendekera mbali imodzi. Kumunsi zili ndi malire, popeza malipiro a munthu satsika kupitirira ziro, koma kumtunda kulibe denga. Makomo ambiri amaunjikana pa ndalama zochepa, ndipo ochepa amatalikira kwambiri kumtunda. South Africa ndi limodzi mwa mayiko amene kusiyanaku n'kwakukulu kwambiri padziko lonse, ndipo aliyense wodutsa mumsewu wa M1 amakuona ndi maso: Sandton uku, Alexandra uko. Kafukufuku wa Stats SA, bungwe la boma lochita kalembera, wa zopeza ndi zogula za makomo wa 2022/2023 anapeza avereji ya pafupifupi R204 000 pachaka, pamene midiyani, ndalama ya khomo lapakati makomo onse atandandalikidwa kuyambira opeza zochepa kufika opeza zambiri, inali isanafike R100 000. Kupendekera komweku kumapezekanso m'kagulu ka makomo 15.

Tigwiritsa ntchito chitsanzo chongopeka cha bungwe la maliro la makomo 15 a ku Rosettenville ndi Turffontein. Manambalawa si a kafukufuku weniweni, koma maonekedwe ake ndi amene amapezeka kawirikawiri.

Gawo 1: Konzani manambala musanawerengere chilichonse

Zolakwika zambiri zimalowa pano, samu isanayambe n'komwe.

Yambani ndi kugwirizana kuti khomo n'chiyani. Kuno anyamata anayi amatha kugawana chipinda chimodzi kuti lendi ipepuke, koma aliyense akudya zake ndi kutumiza zake kumudzi. Amenewo ndi makomo anayi. Mukawaphatikiza mupeza khomo limodzi looneka lolemera lomwe kulibe. Lamulo losavuta n'lakuti anthu ogona malo amodzi amene amadyanso za mumphika umodzi ndiwo khomo limodzi.

Kenako ikani ndalama zonse pa muyeso umodzi, wa pamwezi. Wolipidwa pasabata muchulukitse ndi 4,33, osati 4, chifukwa masabata 52 ogawidwa m'miyezi 12 amapereka 4,33. Wolandira R1 200 pasabata ndiye kuti amapeza pafupifupi R5 200 pamwezi, osati R4 800. Wolipidwa pakatha masabata awiri muchulukitse ndi 2,17. Wa maganyu, amene mwezi uno wagwira masiku 20 ndipo mwezi wamawa 8, mufunseni za miyezi itatu yapitayi ndipo mugawe ndi 3. Pewani Disembala, mwezi wa mabonasi, ndi Januwale, pamene ntchito zomanga zimakhala zitangotsegulidwa kumene. Kwa wa bizinesi lembani phindu lotsala atachotsa za katundu ndi thiransipoti. Mayi wogulitsa zovala amene wagulitsa za R18 000 ataoda za R13 000, ndalama yake ndi R5 000 kapena kucheperapo. Kwa olembedwa ntchito, onse atchule ndalama imene imafika m'manja msonkho utachotsedwa, kuti musasakanize miyeso iwiri.

Pomaliza, siyanitsani amene wanena kuti sanapeze kalikonse ndi amene wakana kuyankha. Woyambayo mulembereni 0. Wachiwiriyo musiyireni malo opanda kanthu. Mukalemba 0 pa munthu wokana kuyankha mwamusandutsa wosauka kuposa onse, chonsecho nthawi zambiri okana amakhala opeza bwino. Ndipo papepala pasakhale dzina. Nkhani ya ndalama ndi yachinsinsi, ndipo anthu amanena zoona pokhapokha atadziwa kuti msungichuma sadzawaloza chala.

Gawo 2: Ndandalikani kuyambira yochepa kufika yaikulu

Makomo 15 aja, pamwezi, atandandalikidwa:

R2 400, R3 000, R3 500, R3 500, R3 500, R4 200, R4 800, R5 600, R6 000, R7 000, R7 500, R9 000, R12 000, R21 000, R57 000

Musathamangire kakyuleta. Werengani mndandandawu ndi maso kaye, makamaka mipata ya pakati pa manambala. Kuchoka pa khomo loyamba kufika pa la nambala 12, mpata waukulu kwambiri ndi R1 500. Kenako mpata ndi R3 000, ukubwera R9 000, ndipo womaliza ndi R36 000. Mipata ikamakula chonchi kulowera kumtunda, dziwani kuti manambala anu ndi opendekera.

Nambala yakumapeto ifufuzeni. Kodi R57 000 ndi yoona, kapena ndi R5 700 yomwe inawonjezeredwa ziro polemba? Kodi munthuyo anatchula ndalama za chaka chonse? Kodi anatchula zonse zimene galimoto yake yonyamula katundu wa ku Malawi imalowetsa, mafuta ndi zolipira pa Beitbridge zisanachotsedwe? Ngati ndi cholakwika, chikonzeni. Ngati ndi yoona, isiyeni momwemo. Khomo lolemera si cholakwika, ndi membala ngati ena onse.

Gawo 3: Werengerani zonse zitatu

Avereji imapezeka pophatikiza ndalama zonse ndi kugawa ndi chiwerengero cha makomo. Pano zonse pamodzi ndi R150 000. Kugawa ndi 15 kukupereka R10 000.

Midiyani ndi ndalama ya khomo limene lili pakati penipeni pa mndandanda. Malo ake mumawapeza powonjezera 1 pa chiwerengero cha makomo ndi kugawa ndi 2. Pano 15 kuwonjezera 1 ndi 16, kugawa ndi 2 ndi 8, ndipo khomo la nambala 8 lili ndi R5 600. Makomo 7 ali kumunsi kwake, 7 kumtunda. Makomo akakhala 14 kapena 20, pakati pamakhala makomo awiri, ndiye mumaphatikiza ndalama zawo n'kugawa ndi 2. Cholakwika chofala apa ndi kutenga nambala yapakati mndandanda usanandandalikidwe. Imeneyo si midiyani, ndi nambala chabe ya munthu amene pepala lake linagwera pakati.

Modi ndi ndalama imene yatchulidwa kawirikawiri kuposa zonse. Pano ndi R3 500, yomwe yaoneka katatu.

Mu Excel, ngati manambala ali m'timabokosi B2 mpaka B16, lembani:

```
=AVERAGE(B2:B16)
=MEDIAN(B2:B16)
=MODE.SNGL(B2:B16)
=COUNT(B2:B16)
```

Mzere wachinayiwo musaunyoze. Ukuyenera kupereka 15. Ukapereka 13, ndiye kuti manambala awiri analembedwa ngati mawu, mwina wina analemba R7,000 kapena 7 000 mwa njira yomwe pulogalamu sinazindikire. Excel imawalumpha oterowo mwakachetechete, osadandaula, ndipo avereji ndi midiyani zonse zimatuluka zolakwika. M'kabokosi lembani 7000 basi. Tibokosi topanda kanthu imatilumpha, koma 0 imamuwerengera, ndiye chifukwa chake kusiyanitsa kwa m'gawo loyamba kuja kuli kofunika.

Tsopano tili ndi mayankho atatu pa mndandanda umodzi: R10 000, R5 600 ndi R3 500. Onse ndi olondola.

Gawo 4: Yesani kupendekera

Pali mayeso awiri achangu. Oyamba, gawani avereji ndi midiyani. R10 000 kugawa ndi R5 600 ndi pafupifupi 1,8. Zikanakhala pafupi ndi 1, monga 1,05, zikanatanthauza kuti manambala awiriwa akunena chimodzimodzi ndipo kusankha sikukanavuta. Palibe malire oikidwa ndi lamulo, koma m'kuona kwathu avereji ikaposa midiyani ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, musaitchulenso yokha.

Achiwiri ndi osavuta kufotokozera msonkhano: werengani makomo amene ali pansi pa avereji. Pano ndi 12 mwa 15. Nambala imene makomo 4 mwa 5 aliwonse saifika singaimire khomo wamba.

Kuti muone chimene chikuchitika, gwedezani khomo lakumtunda lija. Ndalama zake zikachoka pa R57 000 kufika pa R114 000, zonse pamodzi zikhala R207 000 ndipo avereji ikwera kufika R13 800. Makomo ena 14 sanawonjezere ngakhale senti, koma lipoti linena kuti mamembala akupeza bwino kuposa kale. Midiyani ikadali R5 600. Khomolo likasamukira ku Cape Town n'kutuluka m'bungwe, makomo 14 otsala ali ndi R93 000, ndipo avereji igwa kufika pafupifupi R6 640. Midiyani isuntha pang'ono chabe, kufika R5 200, pakati pa R4 800 ndi R5 600. Chifukwa chake n'chakuti avereji imamva kukula kwa nambala iliyonse, pamene midiyani imangomva malo amene nambalayo yaima pamndandanda.

Zimenezi zimatetezanso ku zolakwika zolemba. R7 000 ikalembedwa 70000, avereji idumpha kufika R14 200, koma midiyani sigwedezeka.

Gawo 5: Sankhani malinga ndi funso

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo njira yake ndi kulemba funso la komiti m'chiganizo chimodzi musanasankhe nambala.

Funso likakhala lakuti khomo wamba lingakwanitse zingati, tengani midiyani. Tinene kuti komiti yagwirizana kuti chopereka chofanana kwa onse chikhale R5 pa R100 iliyonse ya ndalama za khomo wamba. Mukatengera avereji, chopereka ndi R500. Kwa makomo atatu a R3 500 aja, zimenezo ndi zoposa R14 pa R100 iliyonse, ndipo kwa khomo la R2 400 ndi pafupifupi R21 pa R100 iliyonse, lendi isanalipidwe ndiponso Mukuru wa kumudzi asanatumizidwe. Zotsatira zake zimadziwika: miyezi itatu yoyamba anthu amayesetsa, kenako buku limadzaza ndi ngongole, ndipo tsiku la maliro mumapeza kuti wofedwayo anali atasiya kupereka. Mukatengera midiyani, chopereka ndi R280. Kwa khomo la R5 600 ndi R5 pa R100 ndendende, ndipo kwa makomo 7 akumtunda n'chopepuka kuposa pamenepo.

Koma midiyani nayo siteteza aliyense. Makomo 7 ali pansi pake, ndipo kwa khomo la R2 400, R280 ikadali pafupifupi R12 pa R100 iliyonse. Ngati cholinga cha bungwe n'chakuti wina asatsale, muyenera kuyang'ana kumunsi kwa mndandanda, zomwe tiona m'gawo lotsatira.

Funso likakhala lakuti m'thumba mulowa zingati, tengani avereji. Ena akamva kuti avereji imasocheretsa amaitaya kotheratu, ndipo kumeneko n'kulakwitsa kwina. Tinene kuti mpingo wagwirizana kuti khomo lililonse lipereke R5 pa R100 iliyonse ya ndalama zake zenizeni. Zolowa ndi R5 pa R100 iliyonse ya R150 000, zomwe ndi R7 500 pamwezi. Avereji yokha ndiyo imakufikitsani pamenepo, chifukwa R10 000 kuchulukitsa ndi 15 ikubwezera R150 000. Midiyani kuchulukitsa ndi 15 ikupereka R84 000, ndalama zomwe sizikuimira chilichonse, ndipo bajeti yanu ikanakhala R4 200, yoperewera ndi R3 300. Paliponse pamene mukufuna kubwerera ku ndalama zonse pamodzi, kaya ndi bajeti, msonkho kapena kukula kwa msika, avereji ndiyo chida chake.

Msungichuma wanzeru awonjezere chenjezo limodzi. Pa R7 500 imeneyo, R2 850 ikuchokera kukhomo limodzi, lomwe lili ndi R38 pa R100 iliyonse ya ndalama za gulu lonse. Khomolo likachoka, zolowa zitsika kufika R4 650. Musalonjeze lendi ya holo kapena malipiro a mwezi ndi mwezi potengera R7 500 popanda kunena zimenezi.

Modi ndi yofooka pa ndalama zolembedwa imodziimodzi. R3 500 yapambana ndi makomo atatu okha, ndipo mwina yapambana chifukwa anthu amakonda kutchula manambala ozungulira. Wopeza R3 420 ndi wopeza R3 580 onse amangoti 3 500. Awiri mwa atatuwo akanatchula ndalama zawo zenizeni, palibe nambala ikanabwerezedwa, ndipo Excel ikanalemba `#N/A`. Komanso manambala awiri akafanana mphamvu, `MODE.SNGL` imaonetsa imodzi yokha, ndiye mufunika `MODE.MULT` kuti muone onse. Modi imathandiza pamene kuunjikanako kuli ndi chifukwa chenicheni. Mwachitsanzo, mu 2025 malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma la South Africa anali R28,79 pa ola, ndipo wogwira maola 45 pasabata ankafika pafupifupi R5 600 pamwezi. M'gulu la makomo 200, mukapeza mulu wa mayankho pamenepo, modi ikukuuzani zoona: ambiri ali pa malipiro otsikitsitsa, ndipo boma likawakweza gulu lonse lisuntha limodzi.

Gawo 6: Midiyani isayende yokha

Midiyani imanena za khomo lapakati, koma sinena ngati ena ali pafupi nalo kapena kutali. Onjezani manambala awiri. Tengani makomo 7 akumunsi ndi kupeza lapakati pawo, lomwe ndi la nambala 4, R3 500. Tengani 7 akumtunda ndi kuchita chimodzimodzi, mupeza la nambala 12, R9 000. Manambala awiriwa pamodzi ndi midiyani amadula mndandanda m'magawo anayi, ndipo mutha kunena kuti pafupifupi theka la makomo lili pakati pa R3 500 ndi R9 000.

```
=QUARTILE.EXC(B2:B16,1)
=QUARTILE.EXC(B2:B16,3)
```

Pa kompyuta yokonzedwa mwa South Africa, Excel imafuna `;` m'malo mwa `,` pakati pa B16 ndi nambala yomaliza, ndiye ikakana musinthe pamenepo. Mukagwiritsa `QUARTILE.INC` mupeza R8 250 m'malo mwa R9 000. Si kuti yaonongeka, njira ziwirizi zimangodula malo osiyana pang'ono, ndipo pa makomo ochepa kusiyanako kumaoneka. Sankhani imodzi ndi kuigwiritsa chaka ndi chaka.

Nambala yakumunsiyo ndi imene bungwe losafuna kusiya munthu liyenera kutengera. R5 pa R100 iliyonse ya R3 500 ndi R175. Komiti tsopano ili ndi zosankha zenizeni: R175 kwa onse, R280 kwa onse, kapena magawo awiri, R175 kwa opeza zosakwana R5 000 ndi R350 kwa ena onse. Magawo awiriwo apereka makomo 7 kuchulukitsa ndi R175 ndi makomo 8 kuchulukitsa ndi R350, pamodzi R4 025, zomwe zili pafupi ndi R4 200 imene R280 kwa onse ikanabweretsa.

Gawo 7: Anthu akangochonga gulu la ndalama

Mamembala ambiri samasuka kulemba nambala yeniyeni, koma amalola kuchonga bokosi. Kalembera wa South Africa wa 2011 anafunsanso za ndalama mwa njira imeneyi. Makomo athu 15 m'magulu otalika R2 500 akugawika motere: mpaka R2 500, khomo 1, R2 501 mpaka R5 000, makomo 6, R5 001 mpaka R7 500, makomo 4, R7 501 mpaka R10 000, khomo 1, kuposa R10 000, makomo 3.

Apa modi imakhala ndi mphamvu. Gulu la R2 501 mpaka R5 000 ndilo lalikulu, ndipo chiganizo chakuti makomo 6 mwa 15 ali m'gululi n'choona komanso chomveka kwa aliyense. Chenjerani ndi magulu osafanana kutalika. Mukanapanga gulu limodzi la R5 001 mpaka R25 000, likanatenga makomo 7 n'kupambana, chifukwa chongokhala lalitali kasanu ndi katatu kuposa linzake. Modi ya magulu ndi yodalirika pokhapokha magulu ali ofanana kutalika.

Midiyani imapezekabe. Werengani makomo kuchokera kumunsi: gulu loyamba 1, lachiwiri lifikitsa 7, lachitatu 11. Khomo la nambala 8 lili m'gulu lachitatu, ndiye midiyani ili pakati pa R5 001 ndi R7 500, chakumayambiriro kwake. Mukafuna nambala imodzi, tengani theka la makomo onse, 7,5, chotsanipo makomo 7 a m'magulu akumunsi, gawani 0,5 yotsalayo ndi makomo 4 a m'gululi, chulukitsani ndi R2 500, ndipo muwonjezere pa R5 000. Mupeza pafupifupi R5 310. Yeniyeni inali R5 600, ndiye mwaphonya ndi R290 yokha.

Avereji ndiyo imafa m'magulu. Njira yake ndi kupatsa khomo lililonse nambala yapakati pa gulu lake, monga R3 750 pa gulu lachiwiri, koma gulu lomaliza lilibe denga, ndiye lilibe pakati. Magulu anayi oyamba apereka R57 500. Mukaganiza kuti makomo atatu akumtunda amapeza R15 000 lililonse, avereji ituluka pafupifupi R6 830. Mukaganiza R40 000, ituluka pafupifupi R11 830. Yeniyeni tikuidziwa kuti ndi R10 000, koma kuchokera m'mabokosi okha palibe njira yoidziwira. Avereji yotere ndi maganizo a wowerengerayo, ndipo ngati mwakakamizika kuilemba, nenani nambala imene munaika pa gulu lomaliza.

Misampha itatu yotsala

Woyamba ndi kukula kwa khomo. Khomo la R9 000 lokhala ndi anthu 6 lili ndi R1 500 pa munthu, pamene mlonda wokhala yekha wa R3 500 ali ndi R3 500 yonse. Pamndandanda woyamba khomo la anthu 6 lili kumtunda, koma pa munthu mmodzi lili kumunsi. Ngati funso lanu ndi la umphawi kapena la ndani alandire thandizo, gawani ndalama za khomo lililonse ndi anthu ake, ndandalikaninso, ndipo mupeze midiyani yatsopano. Kuno pali chovuta chowonjezera: mlonda uja mwina akudyetsa anthu asanu ku Mangochi kapena ku Mzimba. Muyenera kusankha ngati muwerengera okhala pano okha kapena muchotsa kaye zotumiza kumudzi, ndipo lamulolo likhale limodzi kwa onse.

Wachiwiri ndi kuphatikiza nthambi. Nthambi yathu ili ndi makomo 15 ndi avereji ya R10 000, ina ya ku Diepsloot tinene kuti ili ndi makomo 45 ndi avereji ya R5 000. Avereji ya bungwe lonse si R7 500. Bwezani iliyonse ku ndalama zonse: R150 000 ndi R225 000, pamodzi R375 000, kugawa ndi makomo 60, R6 250. Midiyani siphatikizika mwa njira iliyonse yotere. Muyenera kutenga manambala onse 60, kuwandandalika pamodzi, ndi kupeza pakati pa khomo la nambala 30 ndi la 31. Choncho nthambi zitumize mndandanda wonse wopanda mayina, osati midiyani yokha.

Wachitatu ndi kudula khomo lolemera kuti avereji ioneke bwino. R6 640 ija imaoneka yomveka kuposa R10 000, koma si avereji ya bungwe lanu, ndipo singakupatseni bajeti yolondola. Ngati mukufuna kuionetsa, ilembeni pambali pa yoyambayo ndi kunena poyera kuti khomo limodzi lachotsedwa.

Gawo 8: Lembani chiganizo cha m'lipoti

Mawu akuti "pa avereji" anthu amawamva ngati akuti "ambiri a ife", ndiye musawagwiritse potchula midiyani kapena modi, ndipo musalembe kuti khomo wamba limapeza R10 000. Tchulani dzina la nambala, chiwerengero cha makomo amene anayankha ndi amene sanayankhe, mwezi, ndiponso mtundu wa ndalama. Pa chitsanzo chathu, ngati mamembala onse ndi makomo 18, mlembi alembe motere:

"Makomo 15 mwa 18 anayankha za ndalama zofika m'manja pamwezi, potengera miyezi ya Meyi, Juni ndi Julayi. Khomo lapakati limapeza R5 600, ndipo pafupifupi theka la makomo lili pakati pa R3 500 ndi R9 000. Avereji ndi R10 000, koma makomo 12 mwa 15 ali pansi pake chifukwa makomo ochepa akumtunda akuikweza."

M'gulu laling'ono chonchi musalembe R57 000 m'lipoti, chifukwa aliyense adziwa mwini wake, ndipo chaka chamawa sadzayankhanso. Chaka chamawacho mufunse miyezi yomweyo ndi mafunso omwewo, ndipo muyerekeze midiyani ndi midiyani, avereji ndi avereji. Pa makomo 15, kutuluka kwa khomo limodzi kunasuntha midiyani ndi R400, ndiye kusintha kwa R300 kapena R400 musakutenge ngati umboni wakuti mamembala alemera kapena asauka, ndipo chopereka chisasinthidwe pa chifukwa chimenecho chokha.